Bambo apuma pa ntchito: tilembe chiyani pansi pa chithunzi chawo? Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amafunsidwa kawirikawiri ndi ana amene bambo awo atsazika ntchito patatha zaka zambiri. Chithunzi chimakhala chilipo kale, chojambulidwa pa phwando kapena pakhonde la nyumba, koma mawu oika pansi pake ndiwo amavuta. Mayankho onsewa atsamira pa ganizo limodzi: lembani zimene bambo ankachita tsiku ndi tsiku, maudindo muwasiyire akuntchito.

Kodi mawu a pansi pa chithunzi amasiyana bwanji ndi zoyankhula za pa phwando lotsazikana?

Pa phwando pamakhala nthawi. Abwana amaimirira n'kufotokoza mbiri yonse, chaka chimene bambo analowa ntchito, malo amene anagwirako, makwerero awo, ndipo anthu amamvetsera ali phee pa mipando. Mawu a pansi pa chithunzi alibe mwayi umenewo. Munthu amawawerenga pa foni ali m'minibasi kapena pa mzere ku banki, ndipo mizere iwiri yoyamba ikapanda kumugwira, amapitirira.

Kusiyana kwina n'kwa woyankhula. Abwana amadziwa zimene zili m'fayilo. Inu mumadziwa nthawi imene bambo ankadzuka, chimene ankanyamula potuluka ndi mmene ankaonekera pobwera madzulo. Pa phwando lonselo palibe wina amene ali ndi umboni umenewo kupatula mayi ndi ana, ndiye n'zomvetsa chisoni mwana akautaya n'kumabwereza zimene abwana anena kale.

N'chifukwa chiyani ndisatsogoze maudindo, chonsecho bambo anawakhetsera thukuta?

Anawakhetseradi thukuta, ndipo palibe akunena kuti ndi opanda pake. Koma udindo uli ngati jekete yobwereka: tsiku lotsazika imabwezedwa. Lachisanu bambo amapereka makiyi a ofesi, Lolemba wina amakhala pa mpando womwewo, ndipo ana asukulu amayamba kuitana watsopanoyo kuti ahedi. Mukalemba kuti “mphunzitsi wamkulu wodzipereka ndi wokhulupirika”, mawu amenewo akukwaniranso munthu amene wawalowa m'malo, ndi wina amene adzabwere pambuyo pake. Simunalembe za bambo anu, mwalemba za mpando.

Palinso vuto la owerenga. Maudindo ambiri amamveka kwa anthu a ntchito yomweyo basi. Mphunzitsi mnzawo amadziwa kutalika kwa ulendo wochoka pa PT4 kufika pa PT1, koma azakhali akumudzi ndi anzanu a kutchalitchi amangoona zilembo ndi manambala. Mukanena kuti bambo ankapalasa njinga mvula ili kugwa, makope atawakulunga m'jumbo kuti asanyowe, aliyense wamva, ngakhale amene sanaponde m'kalasi.

Chifukwa chimene ine ndimachiona chachikulu chikukhudza bambowo. M'boma ogwira ntchito ambiri amapuma akakwanitsa zaka 60, ndipo pa msinkhu umenewo munthu amakhala akadali ndi mphamvu zake. Amuna ambiri sanena, koma mumtima amadzifunsa kuti anthu aziwaona ngati ndani tsopano, poti ofesi yapita. Mndandanda wa maudindo umawakumbutsa zimene asiya. Mukatchula zizolowezi zawo, mukuwaonetsa zimene akupita nazo kunyumba, zimene palibe kalata ya boma ingawalande, ndiponso mukuwauza kuti ana awo ankaona.

Ndiye ntchito yawo ndisaitchule n'komwe?

Itchuleni, koma kamodzi, mwachidule, pa chiyambi. Wowerenga ayenera kudziwa zinthu zitatu asanapitirire: kuti bambo apuma pa ntchito, ntchito yanji, ndi zaka zingati. Chiganizo chimodzi chimakwana. Nenani mtundu wa ntchito, uphunzitsi, upolisi, unamwino, udalaivala, osati giredi imene anathera. Zotsala zonse zikhale za munthuyo.

Kodi chizolowezi choyenera kulemba ndi chotani? Ndikati “anali olimbikira ntchito” sindinatchule chizolowezi?

Ayi, pamenepo mwapereka chigamulo, umboni simunapereke. Kulimbikira, kukhulupirika, kudzichepetsa ndi mayamikiro abwino, koma mwana aliyense akhoza kuwalemba za bambo aliyense. Chizolowezi ndi chinthu chimene munthu akanatha kuchiona ndi maso kapena kuchimva ndi makutu, ndipo chinkachitika mobwerezabwereza. Chimakhala ndi nthawi yake, chipangizo chake kapena malo ake.

Yesani motere. Werengani chiganizo chanu, kenako dzifunseni ngati mnzanu wa nyumba yoyandikana angachitenge n'kuchiika pansi pa chithunzi cha bambo ake osasintha kanthu. Ngati angathe, chifufuteni. “Ankasunga nthawi” angachitenge. “Wotchi yawo ankaitsogoza ndi mphindi khumi, ndipo banja lonse linkafika ku tchalitchi chitseko chisanatsekulidwe” sangachitenge, chifukwa ndi cha m'nyumba mwanu mokha. Taonani kuti chiganizo chachiwirichi chanena kale za kusunga nthawi popanda kutchula mawuwo. Wowerenga akazindikira yekha khalidwe la munthu, amalikhulupirira kuposa akachita kuuzidwa.

Zizolowezi zolimba kwambiri ndi zimene zili pa malire a ntchito ndi nyumba, pamene ntchito inkalowa m'nyumba. Namwino amene ankayang'ana zikhadabo za ana asanadye. Wapolisi amene ankapolisha nsapato usiku uliwonse, za ana zomwe. Dalaivala amene mpaka lero sakwera galimoto ya munthu asanaizungulire n'kugogoda matayala. Mlonda amene ankabwera m'mawa ana akupita kusukulu, koma sankagona asanafunse ngati aliyense wamwa phala. Zinthu zotere zimalemekeza ntchito ndi munthu pa nthawi imodzi.

Ndikakhala pansi kuti ndilembe, mutu umangouma. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kulemba, yambani ndi kuyenda nawo tsiku limodzi m'maganizo. Sankhani nyumba imene munakhalamo muli wamng'ono, kenako dzifunseni mwatsatanetsatane. Phokoso loyamba m'mawa linali lanji, wailesi, tsache, chidebe cha madzi osamba? Ankavala chiyani, ndipo ankasita ndani? M'thumba mwawo simunkasowa chiyani? Pobwera madzulo munkadziwira chiyani kuti afika, belu la njinga, kukhosomola, kapena kuitana dzina la mwana wina wake? Tsiku lolandira ankabwera ndi chiyani? Ndi mawu ati amene ankawabwereza mpaka ana nonse munawaloweza?

Mukatero funsani mayi. Iwo amakumbukira za zaka zoyambirira inu musanabadwe, ndipo nthawi zambiri ndi iwo amene ankayatsa moto umene bambo ankatuluka atafunda nawo. Funsaninso abale anu aliyense payekha, osati pa gulu, chifukwa pa gulu onse amangovomereza zimene wamkulu wanena. Woyamba kubadwa ndi chitsiriza amakhala kuti anakula ndi bambo osiyana pang'ono: wina anawaona ali ndi njinga, wina ali ndi galimoto. Chimene onse atchula popanda kuuzana ndicho chizolowezi chenicheni, ndipo chimenecho chikhale pakati pa mawu anu.

Mudzapeza zinthu khumi kapena kuposerapo. Sankhanipo ziwiri kapena zitatu. Zotsalazo sizinatayike, mudzazinena pa phwando la banja.

Mungandionetse chitsanzo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Tiyerekeze bambo amene anayamba uphunzitsi wa pulayimale mu Okutobala 1987, atamaliza maphunziro ku koleji ya aphunzitsi. Aphunzitsa m'sukulu za kumidzi ku Dedza ndi ku Ntcheu, m'zaka zomaliza anali mphunzitsi wamkulu, ndipo apuma mu Novembala 2023 atakwanitsa zaka 60. Mwana wawo walemba koyamba motere:

“Zabwino zonse kwa bambo athu okondedwa, mphunzitsi wamkulu, mkulu wa mpingo komanso wapampando wa komiti ya chitukuko. Mwatumikira dziko mokhulupirika ndi modzipereka. Ndinu chitsanzo chathu. Pumani bwino bambo, ntchito yanu mwaimaliza.”

Mawuwa ndi ochokera pansi pa mtima, koma ali ndi mavuto atatu. Maudindo atenga theka la malo. Palibe chinthu chimodzi chimene wowerenga angachione m'maso mwake. Ndipo chiganizo chomaliza chikumveka ngati cha pa maliro, nkhani imene tiyifotokoza m'funso lotsatira.

Tsono mwanayo afunsa mayi ndi abale ake. Mayi akumbukira kuti ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni ku Dedza, bambo ankadzuka kusanache kuika makala mu simbi, chifukwa sankalola kuima pamaso pa ana atavala malaya okwinyika. Mchemwali wake akumbukira cholembera chofiira chimene sichinkachoka m'thumba la pachifuwa. Mchimwene wake akumbukira chaka cha 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana olembetsa m'dziko lonse anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anasefukira, ena ankaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo bambo ankabwera ndi mtolo wa makope umene ankachonga pa nyali ya parafini ena onse atagona. Onse atatu atchulanso chinthu chimodzi osauzana: bambo akakumana ndi munthu wamkulu pa msika amene anamuphunzitsa kalekale, amamutchula dzina, n'kumufunsa za makolo ake.

Kuchokera pamenepo mawu atuluka otere:

“Lero bambo apuma pa ntchito ya uphunzitsi, ali bwinobwino, patatha zaka 36. Kuyambira 1987, kunja kusanache makala ankakhala ali kale mu simbi, chifukwa malaya okwinyika sankalowa nawo m'kalasi. Cholembera chofiira sichinkachoka m'thumba, ngakhale ku ukwati. Makalasi atasefukira mu 1994, ankachonga makope pa nyali ife titagona, ndipo mpaka lero amadziwa dzina la mwana aliyense amene anadutsa m'manja mwawo. Bambo, Lolemba simbi ipumeko. Koma cholemberacho musataye, adzukulu akubwera ndi makope awo.”

Onani zimene zachitika. Chiganizo choyamba chapereka nkhani yonse. Zizolowezi zilipo zinayi, zomwe zapitirira pang'ono muyeso uja wa ziwiri kapena zitatu, koma zitatu mwa izo zamangidwa pa ulusi umodzi wa m'kalasi, ndiye sizikubalalika. Chaka cha 1994 chalowa chifukwa chikufotokoza chifukwa chake makope anachuluka, ndipo aliyense amene anali pa sukulu nthawi imeneyo akumbukira kalasi yake. Uhedi sunatchulidwe, koma palibe angawerenge mawuwa n'kukayika kuti munthuyu anali wolemekezeka pa ntchito yake. Mapeto akuyang'ana kutsogolo, ku Lolemba ndi kwa adzukulu.

Ndinaika chithunzi cha bambo ndipo ena anayamba kupepesa maliro. Ndinalakwitsa pati?

Izi zimachitika kwambiri, ndipo zimapweteka. Anthu anazolowera kuti chithunzi cha munthu wachikulire atavala suti, chokhala ndi mawu ataliatali pansi pake, chimakhala cha uthenga wa imfa. Ambiri sawerenga mpaka pansi. Akangoona “pumani bwino”, “ntchito yanu mwaimaliza”, “tidzakukumbukirani” kapena “mwamenya nkhondo yabwino”, amalemba RIP kapena “mzimu wawo uuse mumtendere”, ndipo winanso amaimbira foni abale akutali akulira. Bambo amene amayembekezera kusangalala tsiku limenelo amathera kuyankha mafoni otsimikiza kuti ali moyo.

Kupewa kwake n'kosavuta. M'chiganizo choyamba penipeni lembani “apuma pa ntchito” mokwanira, osasiya “apuma” payekha. Onjezani mawu osonyeza kuti ali moyo, monga “ali bwinobwino”, “lero tili nawo pa phwando” kapena “abwerera kumudzi kukalima”. Samalani ndi “anali”. Mukati “bambo anali munthu wosunga nthawi”, khutu la Mchewa limamva kuti munthuyo kulibe. Zimene zatha ndi ntchito zilembeni ngati zakale, “ankachonga makope”, koma zimene akupitiriza zilembeni ngati za lero, “mpaka lero amadziwa”. M'chitsanzo cha pamwambapa zonse ziwiri zilimo dala.

Zaka nazonso zimasokoneza. Mukalemba 1987–2023 pansi pa nkhope ya munthu popanda mawu ena, zimaoneka ngati za pa chiliza. Ikani mawu patsogolo pake, monga “zaka za m'kalasi”. Pewani chithunzi chopanda mitundu, maluwa m'mbali ndi kandulo. Ngati mukufuna vesi, musatenge limene anthu amalimva ku manda. Mawu a pa 2 Timoteyo 4:7 onena za kumenya nkhondo yabwino ndi kutsiriza njira ndi okoma, koma ambiri anawamvera pa maliro, ndiye asiyeni.

Mawuwa atalike bwanji?

Zimatengera kumene akupita. Pa chithunzi choika mu felemu kapena pa keke, mawu 15 mpaka 25 ndi okwanira. Chitsanzo chija chikhoza kufupika chonchi: “Zaka 36 m'kalasi. Malaya osita, cholembera chofiira m'thumba, dzina la mwana aliyense pamtima. Zikomo bambo.” Pa Facebook mawu 60 mpaka 100 amakhala bwino, koma kumbukirani kuti mawu akatalika amadulidwa ndipo wowerenga amayenera kudina See more, chimene ambiri sachita. N'chifukwa chake nkhani ya kupuma pa ntchito iyenera kukhala m'mizere yoyambirira. Pa WhatsApp status zinthu zimachoka pakatha maola 24, choncho ngati mawuwo mwawakonda, atumizeninso kwa bambo mwachindunji kapena asindikizeni pa pepala.

Ndiziwayankhula iwowo, kapena ndizinena za iwo? Nanga dzina lawo?

Njira zonse ziwiri zimagwira, koma yabwino kwambiri n'kuphatikiza monga m'chitsanzo chija. Yambani ndi kuuza anthu za iwo, kenako m'ziganizo ziwiri zomaliza tembenukirani kwa iwo. Mukawayankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, owerenga amamva ngati akusuzumira kalata ya eni ake. Mukangonena za iwo basi, mawu amazizira ngati chidziwitso cha ofesi.

Ulemu wa “a” ndi “inu” usasowe paliponse, ngakhale kunyumba mumachezerana momasuka. Aitaneni monga mumawaitanira, bambo, ababa, adadi. “Madala” kapena “mdala wanga” n'zabwino pakati pa anzanu, koma pamene akulu a mpingo ndi apongozi aziwerenga, bambo ena sizimawasangalatsa. Dzina lawo loyamba mwana salitchula pagulu kwathu kuno. Ngati mukufuna anthu awazindikire, mfunda umakwana, a Phiri, a Banda, a Mbewe, kapena dzina limene anthu a m'dera anawazolowera nalo, monga “aphunzitsi”. Dzina lotere lasiya kale kukhala udindo, chifukwa anthu adzapitiriza kuwaitana choncho moyo wawo wonse.

Zaka za ntchito ndiziwerenge bwanji kuti ndisalakwitse?

Musaganizire, funsani. Tsiku loyamba ntchito lili pa kalata yowalembera ntchito, ndipo bambo ambiri amaisunga bwino chifukwa imafunika pokonza za penshoni. Zaka za ku koleji sizilowa m'chiwerengero. Yang'ananinso miyezi. Bambo a m'chitsanzo chathu anayamba mu Okutobala 1987 n'kupuma mu Novembala 2023, ndiye zaka 36 zakwanadi. Akanapuma mu Malichi chaka chomwecho, zikanakhala zaka 35 ndi miyezi isanu, ndipo mukanalemba “zaka zoposa 35”. Zingaoneke zazing'ono, koma munthu amene wakhala akusunga kaundula moyo wake wonse amaona nambala yolakwika asanaone china chilichonse.

Bambo anga anali aukali, ndipo zizolowezi zina sizoti n'kunyadira. Nditani?

Simukukakamizidwa kunama, ndipo musaname. Abale anu ndi anthu a m'dera amawadziwa bambowo, ndiye mukalemba kuti anali ofatsa ngati nkhunda pamene onse amadziwa ukali wawo, mawu anu onse amataya mphamvu. Koma chithunzi cha tsiku lopuma si bwalo la milandu. Za mowa, za ngongole, za mikangano ya m'banja, za akazi ena, zisalowe, ngakhale mwa nthabwala. Chimene inu mukuchiona ngati nthabwala, bambo adzachiwerenga pamaso pa anzawo a ntchito.

Chimene mungachite n'kufufuza chinthu choona chimene mungachinene ndi mtima wonse, ngakhale chikhale chimodzi. Mwina fizi sinkachedwa, ngakhale mwezi umene malipiro anachedwa. Mwina lipoti la sukulu ankaliwerenga mzere ndi mzere. Ukali umene unabala zabwino mukhoza kuutchula mwa zochitika zake, monga “dzuwa likalowa aliyense ankayenera kukhala ali m'nyumba, ndipo ankatiwerenga”. Pamenepo mwanena zoona, ndipo amene amawadziwa amwetulira. Ngati bala lili lalikulu moti simukupeza chilichonse, lembani chiganizo chimodzi cha ntchito ndi zaka, muwafunire zabwino, n'kusiyira pomwepo. Mawu ochepa oona amalemekeza kuposa ndime yonse yokakamiza.

Pali zizolowezi zina zosalakwika koma zochititsa manyazi, monga kuliza mkonono kapena kuumira pa ndalama. Muyeso wake ndi uwu: kodi bambo amaseka okha nkhaniyi ikanenedwa alendo alipo? Ngati saseka, isiyeni.

Nanga ngati bambo ankagwira ntchito kutali ndipo sindinkawaona tsiku ndi tsiku?

Ana ambiri anakula choncho, bambo ali ku Joni, ku Harare, ku migodi ya ku Zambia, kapena ali msilikali, kapena dalaivala wa mathiraki opita ku Beira ndi ku Dar es Salaam. Zizolowezi zilipobe, kungoti ndi za mtundu wina. Ndi za kubwera ndi kupita. Foni ya Lamlungu lililonse madzulo. Katundu wotumizidwa pa basi Khirisimasi isanafike, nsapato za mwana aliyense zili pa saizi yake yeniyeni. Chinthu choyamba chimene ankachita akangotsitsa chikwama, kaya kuyendera munda, kaya kukwera pa denga kuona podontha. Lembani zimenezo. Musabise kuti anali kutali, chifukwa kutalikako ndi mbali ya mtengo umene analipira, ndipo kupuma kwawo kukutanthauza kuti tsopano abwera kudzakhala.

Bambo anga analibe udindo uliwonse, anali mesenjala. Kodi n'koyenerabe kuwalembera?

N'koyenera kwambiri, ndipo apa m'pamene njira imeneyi imaonetsa ubwino wake. Mukamalemba ndi maudindo, mesenjala, mlonda ndi wosesa amakhala ndi mzere umodzi pamene bwana ali ndi mizere khumi. Mukamalemba ndi zizolowezi, onse amayambira pamodzi. Munthu amene kwa zaka 30 ankafika woyamba kudzatsekula mawindo a ofesi, amene yunifolomu yake ya khaki ankaichapa yekha Loweruka n'kuiyanika mkati kuti isasuluke, ali ndi nkhani yokwana. Tchulani ntchitoyo ndi dzina lake lenileni. Musaikometse ndi mawu ozungulira ngati kuti ndi ya manyazi, chifukwa bambo adzaona kuti mwana wawo waibisa.

N'chimodzimodzi kwa telala amene wasiya makina chifukwa maso afooka, kapena kalipentala amene wapereka zipangizo kwa mwana wake. Sanalandire kalata yopumira, koma tsiku limenelo ndi lenileni.

Kodi nditchule za penshoni, mphatso, kapena chifukwa chimene apumira?

Za ndalama ayi. Mukangolemba kuti “tsopano mudye penshoni yanu”, mwaitana obwereka, ogulitsa malo achinyengo ndi akuba a pa foni, amene amasaka dala anthu ongopuma kumene. Chinanso, ndalama zopumira nthawi zina zimatenga miyezi zisanatuluke, ndipo zimawawa anthu akamakuyesa wolemera pamene m'nyumba mulibe kanthu. Pa chifukwa chomwecho musajambule kalata yopumira, chifukwa pamakhala nambala ya ntchito ndi zina zachinsinsi, ndipo musatchule mudzi kapena nyumba yeniyeni imene akukakhala.

Ngati apuma msanga chifukwa cha matenda kapena chifukwa kampani yachepetsa antchito, chifukwacho n'chawo, adzachinena okha akafuna. Inu lembani zaka ndi zizolowezi monga mwa nthawi zonse. Madandaulo a mmene akuntchito anawachitira asalowe, ngakhale atakhala oona.

Mayi ndiwatchule?

Ngati analipo m'zizolowezizo, inde, ndipo nthawi zambiri analipo. Chiganizo chimodzi chikwana, monga “mayi ankayatsa mbaula, bambo ankasita”. Pamene pali mitala, banja linatha kapena pali ana a nyumba ina, samalani. Lembani “bambo” kapena “bambo athu” m'malo mowerenga ana ndi kutchula chiwerengero, kuti tsiku lachisangalalo lisasanduke mkangano wa amene wasiyidwa.

Ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Lembani m'chiyankhulo chimene zinthuzo zinkachitikira. Ngati bambo ankakudzutsani m'Chichewa, mawu awo obwerezabwereza aja amveka okha m'Chichewa, ndipo agogo ndi azakhali akawerengeredwa adzamva. Ngati kunyumba kwanu ndi Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena, mawu a bambo asiyeni mmene ankawanenera. Kwa adzukulu obadwira kunja mukhoza kuwonjezera mzere umodzi wa Chingerezi pansi, wonena kuti agogo apuma pa ntchito.

Kodi ndiwaonetse bambo ndisanaike pagulu, kapena ndiwadzidzimutse?

Aonetseni, kapena ngati mukufunadi kuwadzidzimutsa, onetsani mayi kapena mchimwene wawo amene amawadziwa bwino. Pali bambo ena amene safuna n'komwe nkhope yawo pa intaneti, makamaka amene anagwira ntchito za chitetezo, za makhoti kapena za ndalama, ndipo ali ndi zifukwa zawo. Ena safuna anthu adziwe kuti apuma mpaka kalata yatuluka ndipo akuntchito alengeza. Mukatsogola inu, mukhoza kuwaika pa mpanipani ndi abwana awo.

Njira yabwino n'kuwawerengera mokweza muli awiri kapena ndi mayi. Khutu limagwira zimene diso laphonya, monga chiganizo chomveka ngati cha maliro kapena nthabwala yopitirira muyeso. Akakonza chaka kapena malo, konzani pomwepo. Akanena kuti chinthu china chichoke, chichotseni osatsutsa, ngakhale chili chimene inu munachikonda kwambiri, n'kutenga china pa zizolowezi zimene munazisiya pambali zija. Chithunzicho asankhenso okha, ndipo ngati pali china chimene akuoneka ali pa njinga yawo, pa makina awo kapena atagwira chipangizo chimene mwatchula m'mawu, muwapemphe chimenecho m'malo mwa cha suti.